Sensa Ikaleka Kuyankha, Yambani Mwafunsa Mawaya

Amene anayesapo kudzipangira makina oyezera kutentha m'khola la anapiye, m'nkhokwe kapena m'shedi ya mbande akuidziwa nkhani iyi. Patebulo zonse zimayenda bwinobwino: sensa ikuyeza, manambala akuoneka pa sikirini, mtima uli m'malo. Tsiku lokaika makinawo kukhola, sensa ija mwaipachika kumapeto kwa chingwe cha mamita 6, basi zinthu zasokonekera. Mwina sikirini yangoti zii, mwina manambala akubwera kwa ola limodzi kenako n'kuima. Ganizo loyamba limakhala lakuti sensa yapsa, kapena wogulitsa anatipatsa yabodza. Munthu amaitanitsa ina, n'kudikira masabata angapo kuti ifike, koma yatsopanoyo imadzachitanso chimodzimodzi.

Nthawi zambiri sensa imakhala ilibe mlandu. Vuto limakhala pa mawaya awiri amene zipangizo zonse zikulankhulirana, ndipo munthu wokhala ndi malitimita wamba akhoza kulipeza asanawononge ndalama.

Njira yolankhulirana imeneyi dzina lake ndi I2C. Inayambitsidwa ndi kampani ya Philips m'chaka cha 1982, cholinga chake n'chakuti tizipangizo ta m'kati mwa wailesi yakanema tizitumizirana mauthenga popanda kumwaza mawaya ambirimbiri. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa mavuto ambiri akuchokera pomwepa: anaikonzera mtunda wa masentimita ochepa m'kati mwa bokosi limodzi. Ife lero tikuitulutsa panja, kuikweza kudenga la khola, kuidutsitsa pafupi ndi mawaya a magetsi.

Mawaya ake ndi awiri. Wina amalembedwa SDA, ndiye wonyamula uthenga. Wina SCL, ndiye wowerengera nthawi kuti onse aziyendera limodzi. Kuwonjezera apo pamakhala waya wa magetsi ndi wa GND, koma olankhulira ndi awiri okhawo. Zipangizo zonse, kaya zitatu kaya 10, zimalumikizidwa pa mawaya omwewo. Bolodi lalikulu, monga Arduino, ESP32 kapena Raspberry Pi, ndilo limayamba kulankhula: limatchula nambala ya chipangizo chimene likufuna, mwini nambalayo n'kuyankha, ena onse n'kukhala chete. Nambala imeneyi ndiyo adiresi.

Rezisita imene ambiri amaiiwala

Chodabwitsa pa I2C n'chakuti palibe chipangizo chimene chimakankhira magetsi pa mawaya awiriwa. Chilichonse chimangotha kuchita chinthu chimodzi: kukokera waya pansi, ku 0 V, kapena kumusiya. Anachita dala. Zipangizo ziwiri zitalankhula nthawi imodzi, china chikukankhira magetsi china chikukokera pansi, chimodzi chikanapsa. Pamene onse amangodziwa kukoka, palibe chopsa.

Nanga waya akamusiya amabwerera bwanji pamwamba? Imeneyo ndi ntchito ya marezisita awiri, imodzi yochoka pa SDA kupita ku 3.3 V, inayo yochoka pa SCL kupita komweko. Popanda amenewa waya amangolendewera, sali pamwamba sali pansi, ndipo bolodi silingasiyanitse 1 ndi 0.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti kusowa kwa marezisita sikuoneka msanga. Raspberry Pi ili nawo kale a 1.8 kΩ pa mapini ake a I2C, choncho pamenepo nkhawa ndi yochepa. Arduino Uno ndi ESP32 zili ndi timarezisita tofooka ta m'kati, ta Uno pakati pa 20 ndi 50 kΩ, ta ESP32 cha m'ma 45 kΩ. Pa mawaya afupiafupi a patebulo timeneti timakwanitsa mokakamiza, munthu n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Ndipo mukayeza ndi malitimita mupezadi 3.3 V pa mawaya onse awiri, chifukwa waya akakhala phee ngakhale rezisita yofooka imamufikitsa pamwamba. Kuyeza mavolti okha kumanama.

Kuyeza koona ndi uku. Zimitsani magetsi onse, muchotse ndi batire lomwe. Ikani malitimita poyezera marezisita, mugwire SDA ndi pini ya 3.3 V, kenako SCL ndi pini yomweyo. Mukapeza nambala ya pakati pa 2 ndi 5 kΩ muli pabwino. Malitimita akaonetsa nambala yaikulu kwambiri, kapena osaonetsa kanthu, ndiye kuti marezisita palibe, ndipo muwotcherere awiri a 4.7 kΩ.

Palinso vuto la mbali inayo, limene limagwera anthu okonda kuwonjezera zipangizo. Timabolodi tambiri ta masensa timabwera ndi marezisita ake kale, kena a 10 kΩ, kena a 4.7 kΩ. Mukatilumikiza pa mawaya amodzi, marezisitawo amathandizana kukokera pamwamba, ndipo nambala yonse imatsika. Timabolodi 5, kalikonse ndi 4.7 kΩ, timapereka 940 Ω. Malamulo a I2C amati chipangizo chiyenera kukwanitsa kukokera waya pansi ndi mphamvu yosapitirira 3 mA. Pa 3.3 V zimenezi zikutanthauza kuti musatsike kupitirira pafupifupi 1 kΩ, ndipo pa 5 V malire ake ndi cha m'ma 1.5 kΩ. Mukatsika kuposa apo, sensa yofooka imalephera kufikitsa waya pansi penipeni, bolodi osamva kuti yayankha. Mankhwala ake ndi kuchotsa marezisita pa timabolodi tina ndi chowotcherera.

Chenjezo limodzi musanapitirire: timasikirini tina, makamaka tija ta mizere iwiri ya zilembo, timakokera mawaya ku 5 V. ESP32 ndi Raspberry Pi mapini ake ndi a 3.3 V. Yezani musanalumikize.

Chifukwa chake chingwe chachitali chimapha uthenga

Tibwerere kukhola lija tione manambala ake. Tiyerekeze kuti muli ndi ESP32, kasikirini ka SSD1306 ndi sensa ya SHT31 yoyeza kutentha ndi chinyezi. Mwayeza magetsi atazima ndipo mwapeza 5 kΩ, kutanthauza kuti timabolodi tiwirito kalikonse kali ndi 10 kΩ. Patebulo zinkayenda. Tsopano sensa ili kumapeto kwa chingwe cha netiweki cha mamita 6.

Waya aliyense amasunga timagetsi pang'ono, ndipo akatalika amasunga tambiri. Amisiri amati kapasitansi, ndipo amaiyeza m'mapikofaradi, olembedwa pF. Zili ngati kutunga madzi pampopi wodontha pang'onopang'ono: kapu imadzaza nthawi yomweyo, koma ndowa imafuna kudikira. Rezisita ndiye mpopi, chingwe ndiye chotungira. Kukhuthula n'kwachangu, chifukwa chipangizo chimakokera waya pansi ndi mphamvu, koma kudzaza kumadalira rezisita yokha. Bolodi likabwera kudzawerenga waya asanafike pamwamba, limawerenga 0 pamene panayenera kukhala 1.

Chingwe cha netiweki chimasunga pafupifupi 50 pF pa mita iliyonse. Mamita 6 ndi 300 pF. Mapini a zipangizo ndi timawaya tapabolodi tiwonjezerepo 50, zonse pamodzi 350 pF. Malire amene malamulo a I2C amalola ndi 400 pF, choncho mwatsala pang'ono kufika kumapeto. Nthawi imene waya amatenga kuti akwere imawerengedwa motere:

```
t = 0.85 × R × C
```

Pa liwiro la masiku onse la 100 kHz, waya ayenera kukwera m'kati mwa maikurosekondi imodzi, ndiko kuti gawo limodzi la sekondi yogawidwa ka 1 miliyoni. Patebulo, ndi 5 kΩ ndi 50 pF, ankakwera m'maikurosekondi 0.2, nthawi yambiri n'kutsalako. Kukhola, ndi 350 pF, akutenga 1.5. Wapitirira malire, koma osati kwambiri, ndipo n'chifukwa chake makina oterewa sangofa kamodzin'kamodzi. Amayenda, n'kuima, n'kuyendanso, mwini wake n'kumaganiza zamatsenga. Mukanakhala kuti mukudalira timarezisita ta m'kati ta 45 kΩ tokha, waya akanatenga maikurosekondi 13, pamene kugunda kumodzi konse kwa SCL kumatha m'maikurosekondi 10. Apo sipakanamveka kanthu n'komwe.

Kukonza kwake n'kotchipa. Wotchererani rezisita ina ya 4.7 kΩ pa SDA ndi ina pa SCL, kupita ku 3.3 V. Pamodzi ndi 5 kΩ ija zipereka pafupifupi 2.4 kΩ. Waya tsopano akukwera m'maikurosekondi 0.7, ndipo sensa ikungofunika 1.2 mA kuti imukokere pansi, kutali ndi malire a 3 mA aja. Vuto limene likanakudyerani mtengo wa sensa yatsopano latha ndi marezisita awiri amene mungawachotse ngakhale mu wailesi yakufa.

Kenako chepetsani liwiro. Kutentha kwa m'khola sikusintha pa sekondi iliyonse, ndiye palibe chothamangira. Pa Arduino ndi ESP32 mzere umodzi ukwanira:

```
Wire.setClock(50000);
```

Apa samalani, chifukwa mapulogalamu ena oyendetsera timasikirini amakweza okha liwiro kufika pa 400 kHz osakuuzani, ndipo pa liwiro limenelo waya amaloledwa maikurosekondi 0.3 okha. Ngati makina ankayenda kenako n'kuyamba kuvuta tsiku limene munawonjezera sikirini, yambani mwayang'ana pamenepo.

Kalumikizidwe ka chingwe nakonso kali ndi mawu. M'chingwe cha netiweki muli mawaya 8 opotana awiriawiri, ndipo dzanja limathamangira kuika SDA ndi SCL pa awiri opotana, poti ndi apaulendo umodzi. Musatero. Mawaya opotana amapatsirana zimene anyamula, ndiye kugunda kwa SCL kumalowerera mu SDA. SDA apotane ndi GND, SCL naye apotane ndi GND wake, magetsi adutse mwa ena otsalawo. Pafupi ndi sensa ikanipo kapasita ya 100 nF pakati pa magetsi ndi GND. Chingwecho chisayende mogundana ndi waya wa 230 V wopita ku nyale zotenthetsera anapiye. Ngati n'kofunika kuti zikumane, zidutsane mopingasa. Ndipo dziwani kuti mawaya amawerengedwa onse pamodzi: zingwe zitatu za mamita 3 zochoka pa bolodi limodzi ndi mamita 9, osati 3.

Awiri akavomera dzina limodzi

Khola likakula, sensa imodzi siikwana. Anapiye a sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 pansi pa nyale, koma kukona ndi kukhomo kumakhala kwina. Mwagula ma SHT31 ena awiri, mwawalumikiza pa mawaya omwe aja, ndipo tsopano palibe ngakhale imodzi imene ikupereka zomveka.

Adiresi ya I2C ndi nambala yaing'ono. Onse alipo 128, ndipo 16 anasungidwira ntchito zapadera, otsala ndi 112. Mitundu ya zipangizo padziko ndi yambirimbiri kuposa apo, choncho kugundana n'kosapeweka. SHT31 iliyonse imachoka kufakitale ikuyankha pa `0x44`. Kawotchi ka DS3231 kamayankha pa `0x68`, ndipo sensa yoyeza kugwedezeka ya MPU6050 nayonso imayankha pomwepo. Choyezera magetsi a sola cha INA219 chimayambira pa `0x40`, pamene palinso sensa ya chinyezi ya HTU21D.

Kuti muone amene ali pa mawaya, pali kapulogalamu kakang'ono koitana maadiresi onse mmodzimmodzi. Pa Raspberry Pi mumalemba `i2cdetect -y 1`. Pa Arduino ndi ESP32, mutayambitsa `Wire` ndi `Serial`, mtima wake ndi uwu:

```
for (byte a = 8; a < 120; a++) {
  Wire.beginTransmission(a);
  if (Wire.endTransmission() == 0) Serial.println(a, HEX);
}
```

M'khola lathu kadzaonetsa `3C` ndi `44` basi, pamene mwalumikiza zipangizo 4. Kapulogalamuka sikangakuuzeni kuti pagundana. Masensa atatu onse akuvomera nthawi imodzi, ndipo bolodi likumva ngati mmodzi. Umboni ndi kuwerenga: zipangizo 4, maadiresi awiri.

Chimene chimachitika pa waya nthawi imeneyo n'choyenera kuchimvetsa. Masensa onse amatumiza manambala awo pamodzi, ndipo poti aliyense amangodziwa kukokera pansi, pamene mmodzi wanena 0 ndipo wina 1, wa 0 ndiye amapambana. Chotuluka ndi nambala yosakanizika imene palibe sensa inaiyeza. SHT31 ili ndi ubwino wakuti imatumiza ndi nambala yotsimikizira, choncho pulogalamu imazindikira kuti uthenga wawonongeka n'kuukana. Masensa ena alibe zimenezo, ndipo amenewo ndiwo oopsa, chifukwa sikirini ikhoza kuonetsa nambala yooneka yabwinobwino pamene anapiye akuunjikana ndi kuzizira. Njira yosanama ndi kulumikiza chipangizo chimodzi pa nthawi, kuitana maadiresi, kulemba papepala, n'kuchichotsa. Mukamaliza kulumikiza zonse, fumbatani sensa imodzi m'dzanja muone ngati nambala yake yokha ndiyo ikukwera.

Sensa yachiwiri siivuta. SHT31 ili ndi pini yosankhira adiresi, yolembedwa ADDR kapena AD pa timabolodi tambiri. Ikakhala ku GND sensa imayankha pa `0x44`, mukaipititsa ku 3.3 V imasamukira pa `0x45`. Zipangizo zambiri zili ndi mwayi wotere: MPU6050 imasamukira pa `0x69`, BME280 imasankha pakati pa `0x76` ndi `0x77`. Zina, monga DS3231 ndi AHT20, sizisuntha, ndipo n'chinthu chofunika kuchiona musanagule.

Yachitatu ndiyo ilibe malo, popeza SHT31 maadiresi ake ndi awiri okha. Ngati bolodi lanu ndi ESP32 musagule kanthu: ili ndi njira ziwiri za I2C, ndipo yachiwiri mukhoza kuiika pa mapini ena ndi `Wire1.begin(25, 26);`. Phindu lake ndi lapawiri, chifukwa chingwe cha sensa yachitatu sichiwonjezeranso katundu pa mawaya oyamba aja. Musaiwale kuti mawaya atsopanowa amafunanso marezisita awo.

Masensa akachuluka kuposa apo, pali kabolodi kotchedwa TCA9548A. Kamakhala pa adiresi `0x70` ndipo kali ndi makomo 8, lililonse ndi SDA ndi SCL wake. Bolodi limakauza khomo loti katsegule, n'kulankhula ndi sensa ya pamenepo, kenako n'kutsegula lina:

```
Wire.beginTransmission(0x70);
Wire.write(1 << 2);
Wire.endTransmission();
```

Mizere imeneyi ikutsegula khomo lolembedwa 2 n'kutseka ena onse. Masensa 8 a adiresi imodzi akhoza kukhala mwamtendere, ndipo pa nthawi iliyonse chingwe chimodzi chokha ndicho chili pa mawaya. Koma kabolodika ndi siwitchi chabe, sikawonjezera mphamvu. Khomo lililonse likufuna marezisita ake, ndipo chingwe chimene chinali chachitali mopitirira chikhalabe chachitali.

Kanthu kena kakang'ono kamene kadyera anthu masiku: kumbuyo kwa timasikirini tambiri ta SSD1306 kumalembedwa `0x78`, koma pulogalamu imafuna `0x3C`. Ndi adiresi yomweyo yolembedwa m'njira ziwiri, ina ndi kuwirikiza kawiri kwa inzake. Khulupirirani zimene kapulogalamu koitana kaja kaonetsa, osati zolembedwa pabolodi.

Kapulogalamu komweko kamathandizanso m'njira zina. Kakapanda kupeza aliyense, kawirikawiri SDA ndi SCL zasinthanitsidwa, kapena GND wa sensa sanalumikizidwe ndi wa bolodi. Kakaonetsa kuti maadiresi onse akuyankha, ndiye kuti SDA wagwidwira pansi.

Kugwidwira pansi kumeneku kumakonda kubwera magetsi akaphethira. Bolodi limayambiranso pakati pa kukambirana, koma sensa sinazime, ndipo ikadali kugwira SDA kudikira kugunda kwa SCL kuti imalize zimene inkanena. Mukadina batani loyambitsiranso bolodi sizisintha, koma mukazimitsa magetsi onse n'kuyatsanso zimayenda. Chizindikiro chake n'chimenecho. Malamulo a I2C anapereka njira: bolodi ligunditse SCL ka 9, sensa imalize mawu ake n'kusiya waya. Ikani zimenezi kumayambiriro kwa pulogalamu. Ndipo ngati makinawo ndiwo akuyatsa ndi kuzimitsa nyale za anapiye, pulogalamu isadikire sensa mpaka kalekale. Pa Arduino Uno pali `Wire.setWireTimeout()` yothandiza zimenezi. Muganiziretu chimene makina achite sensa ikakhala chete kwa mphindi imodzi: alize belu, ayatse nyale yofiira, mwini khola adziwe. Makina oima mwakachetechete usiku wa mu Juni akhoza kupha anapiye ambiri kuposa kusakhala ndi makina, chifukwa mwini wake wagona powadalira.

Pomaliza pali funso la mtunda, ndipo apa ndinene maganizo anga mosabisa. Mpaka mita imodzi, I2C imayenda popanda kuinyengerera. Mamita angapo, monga 6 a m'khola lija, n'zotheka ndi marezisita oyenera, liwiro lotsika ndi chingwe cholumikizidwa bwino. Kupitirira mamita 8 a chingwe cha netiweki mwadutsa kale 400 pF, ndipo kutsitsabe marezisita kukufikitsani pa khoma la 1 kΩ lija. Pali tizipangizo tothandizira, monga P82B715 ndi PCA9615, timene timaikidwa kumbali zonse ziwiri za chingwe n'kutalikitsa mtunda, ndipo timagwiradi ntchito. Koma ngati mukungofuna kutentha, sensa ya DS18B20 inapangidwira mawaya aatali, ndipo iliyonse imabadwa ndi nambala yakeyake, choncho sizigundana. Ngati mtunda ndi wochoka kunyumba kukafika kudimba, ikani kabolodi kakang'ono pafupi ndi sensa, I2C ithere pomwepo pa masentimita ochepa, uthenga upitirire pa RS-485, imene imatha kufika mamita 1,200. Kukakamiza I2C pa mamita 30 n'kudzigulira makina amene adzayenda tsiku lowaonetsa kwa anthu n'kudzaima usiku wa mvula.